Kachitsulo kopanda mabowo

Lachiwiri aphunzitsi athu a zophikaphika ku Luchenza anatitumizira chithunzi chimodzi pa foni, n'kutiuza kuti tipeze ntchito ya chinthu chomwe chinali pamenepo. Chinali kachitsulo kooneka ngati kakapu, ndipo m'mbali mwake munalowa bawuti yamazinga yokhala ndi chogwirira chopingasa. Ine osaganiza kawiri ndinalemba kuti n'chofinyira adyo.

Mawa lake anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga adyoyo ukamufinya, atulukira pati?" Ndinakulitsa chithunzi chija ndi zala mpaka chinayamba kuoneka mwachimbuuzi, koma bowo panalibe ngakhale limodzi.

Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti ndinayambira kolakwika. Ndinkafunafuna chinthu chofanana nacho, m'malo mofunsa kuti chakudya chilowera pati, chipanikizidwa ndi chiyani, ndipo chitulukira kuti. Chofinyira adyo chimakhala ndi zogwirira ziwiri zolumikizana ngati pulayala, ndi timabowo tomwe adyo amatulukira ataphwanyika. Chophwanyira mbatatesi yophika chimapangidwa chimodzimodzi, kungoti n'chachikulu ngati kapu ya tiyi. Chopalira karoti chili ndi mabowo a milomo yakuthwa yoyang'ana mbali imodzi. Zonsezi zili ndi potulukira. Kachitsulo kathu kanalibe, kutanthauza kuti chomwe waikamo umachichotsanso ndi dzanja.

Bawuti ija ndi imene inanditengera nthawi. Adyo ndi wofewa, kungofinya kamodzi watha. Munthu sangavutike kupotokola bawuti pang'onopang'ono pokhapokha ngati chinthucho n'cholimba kwambiri, komanso akufuna kuleka msanga chikangosweka kuti asaphwanye zam'kati. Nsonga yake inali yolowa m'kati ngati kambale, yoti igwire chinthu chobulungira chisaterereke.

Kukula kwake ndinakuyeza ndi bokosi la machesi lomwe linali pakona pa chithunzicho. Bokosi lotere limatalika pafupifupi masentimita 5, ndipo pakamwa pa kakapu kaja panali pocheperapo. Pakanapanda machesiwo ndikanasokera, chifukwa pachithunzi chinthu chaching'ono ndi chachikulu zimatha kuoneka zofanana. Pansi pake sindinapaone, choncho ndinalemba kuti ngati pali mabowo obisika, yankho langa lagwa.

Chobulungira, cholimba, chosafika masentimita 5: makadamiya! Zinandikhudza ndithu, chifukwa mitengo yake ndakula ndikuiona m'maesiteti a kuno ku Thyolo, ndipo kwathu timaswa ndi mwala, nthawi zambiri mtedza wake n'kunyenyekera limodzi ndi chikhokho.

Lachisanu aphunzitsi anabwera nako kachitsuloko, pansi pake pali potseka. Woyamba amene ndinaswa anali wosauma bwino, ndipo mtedza unakakamira ku chikhokho. Anandiuza kuti ndiziyamba ndaugwedeza pafupi ndi khutu; ukamalira m'kati ndiye kuti wauma. Wachiwiri unalira. Ndinapotokola pang'onopang'ono mpaka ndinamva kuti thwa, ndinabweza bawuti, ndipo mtedza unatuluka wathunthu, woyera bwino.