Mphindi zitatu zotsegulira chionetsero cha sayansi

Aphunzitsi aakulu atandiuza kuti ndidzatsegule chionetsero cha sayansi pasukulu yathu kuno ku Mzuzu, ndinalemba masamba awiri odzaza ndi malonje a akuluakulu. Nditamuwerengera mnzanga wophunzitsa Sitandade 7, anandifunsa kuti, "Madamu, nanga ana asanu aja akukana kuyankhula, mwawauza chiyani?" Ndinayang'ana papepala, munalibe.

Ndinayamba ndi anawo, mmodzimmodzi nthawi ya buleki. Zimene anapanga ankazidziwa bwino. Chinkawaopsa ndi Chingerezi, maikolofoni, ndi funso loti akalephera kuyankha anzawo awaseke. Choncho ndisanalembenso, ndinakagwirizana ndi oweruza kuti azipita okha padesiki la mwana, ndipo mwanayo ayankhule Chichewa, Chitumbuka kapena Chingerezi. Sindikanalonjeza pagulu chinthu chimene oweruza sanavomere.

Mawu oti "amanyazi" ndinawachotsamo onse. Mukangowatchula, holo yonse imacheukira mwana yemweyo.

Nkhani ndinasankha imodzi yokha, ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga. Ana ambiri amaidziwa, koma ine ndinatsindika za 2007, pamene anaima pamsonkhano wa TED, womwe anthu amafotokozako nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania. Chingerezi chinkamuvuta, ankayankha mwachidule, koma anthu anamuwombera m'manja chifukwa makinawo ankayatsadi babu.

Kenako ndinawapatsa chogwirira. Ndinanyamula botolo lodula pansi, lozondotsa, lokhala ndi kansalu kukamwa, makala osinja, mchenga ndi timiyala pamwamba. Ndinati, "Ana inu, oweruza akafika nenani zinthu zitatu basi: ndapanga chiyani, ndagwiritsa ntchito chiyani, chachitika n'chiyani." Ndinathira madzi amatope n'kuyankha ndekha mafunso atatuwo, osakwana theka la mphindi. Madzi oyamba anatuluka akuda bii, chifukwa makala ndinaiwala kutsuka. Holo yonse inafa ndi phwete. Ndinangoti, "Mwaona? Nanenso ndinena kuti chachitika n'chakuti sindinatsuke makala. Limenelonso ndi yankho." Sizinali papepala, koma ndi pamene anawo anamasuka.

Pamene ndinalakwitsa zenizeni ndi pomaliza. Ndikunena kuti "sindikudziwa, ndikafufuza" ndi yankho lololedwa, maso anga anakhazikika pa mtsikana mmodzi mwa asanu aja. Anawerama, n'kubisa manja m'juzi, ndipo sikunali kuzizira kwa Juni kokha. Ndikanayang'ana khoma lakumbuyo.

Ndinapempha oweruza mwakachetechete kuti kwa iyeyo afike pomaliza, gulu litabalalika. Nayenso anali ndi sefa ya m'botolo. Atamufunsa ngati madzi oyera aja angamwedwe, anapukusa mutu, n'kunena motsitsa mawu kuti mchenga umagwira matope koma tizilombo timadutsa, ndiye awiritsidwe kaye kapena athiridwe kolorini.

Mwa asanu aja, anayi anayankhula. Wachisanu analozera zojambula zake, mnzake n'kumamunenera.