Khutu la mbuzi landivutitsa masiku asanu

Pomaliza dzulo ndauona pa maikulosikopu ulusi wa ilasitiki wa m'chicherewecherewe cha khutu la mbuzi, abale. Loweruka ndinapita kumsika kwa akulu ena ake opha mbuzi amene ndimagulako nthawi zonse, anandipatsa khutu, kachidutswa ka kholingo ndi bondo limodzi, zina ulere chifukwa amati ndimawaseketsa pogula nyama yoti sindidya. Cholinga chinali kudula mitundu yonse itatu ya chicherewecherewe, hayalini, ilasitiki ndi faibulo, ndiiike pa silaidi imodzi moyandikana.

Kholingo silinavute. Ndinaviika mu fomalini ya 10% masiku awiri, kenako kudula ndi lezala nditapanikiza pakati pa karoti monga mwa masiku onse. Pa 100x matiriki ake, zodzaza pakati pa maselo, ndi mbee ngati galasi, osaona kaulusi ngakhale kamodzi, koma sikuti mulibe kanthu, muli kolajeni wamtundu wachiwiri wodzaza, kungoti timaulusi take ntating'ono kwambiri ndipo kuwala kumadutsamo mofanana ndi zozungulira zake ndiye timabisala. Makondirosaiti, maselo a chicherewecherewe, ali m'timaenje tawo awiriawiri kapena anayi, kuzungulira gulu lililonse utoto wagwira kwambiri kuposa pakati. Hayalini ameneyu ndi yemwenso ali kunsonga za nthiti, pamphuno, ndi pankhope za mafupa m'malo olumikizirana, kupatula kuti wa m'malo olumikiziranawo alibe kachikopa kakunja kaja, perikondiriyamu.

Vuto linayamba ndi khutu. Ndadula, ndapaka utoto wa hematokisilini ndi iyosini, kuyang'ana, ndendende kholingo. Maselo okha ndi amene amaoneka ochulukirapo komanso okulirapo, matiriki yochepa pakati pawo, koma ulusi ayi. Ndinafika poganiza kuti ndasokoneza mabotolo, ndinadulanso khutulo kachiwiri, zomwezo. Masiku atatu ndimangoimba mlandu lezala kuti ikudula zonenepa, ndinatha paketi yonse. Chonsecho vuto silinali lezala. Iyosini sagwira bwino ilasitini, amangoipaka pinki wotuwa wofanana ndi zina zonse, ndiye ilasitiki pa utoto umenewu amanamizira hayalini.

Chinanditsegula maso ndi ngozi chabe, ndinatseka dayafulamu ya kondensa, yochepetsera kuwala, pafupifupi yonse pofuna kuona fumbi, mwadzidzidzi pakati pa maselo panaoneka timizere tonyezimira topiringizana. Apa mpamene ndinakumbukira kabotolo ka utoto wa oseyini kamene mnzanga wina wa ku labu anandigawira chaka chatha. Ndinasungunula galamu 1 mu 100 ml ya mowa wa 70%, kuthira 1 ml ya asidi wa haidulokuloriki, nkusiya zodulazo mmenemo usiku wonse. M'mawa zonse zinali zakuda bii, ndinatsala pang'ono kutaya. Koma mukatsukuluza mu mowa wa asidi pang'onopang'ono uku mukuyang'ana, utoto umachoka kwina konse nkutsala pa ulusi wokha. Zinatuluka ngati ukonde wa usipa, wofiirira, wothithikana kwambiri mozungulira timaenje ta maselo ndipo ukupyapyala polowera ku perikondiriyamu. Kholingo ndinaliviika limodzi kuti ndiyerekeze, mphete yake inatuluka yoyera, mulibe ukonde. Ukondewo ndi umene umachititsa kuti khutu mukalipinda lizibwerera. Mtundu wa ilasitikiwu uli malo ochepa, khutu lakunja, kachivindikiro ka pakholingo kotchedwa epigulotisi, ndi kanjira kochoka m'khutu kupita kummero. Amene muli ndi utoto wa Verhoeff ulusiwo umatuluka wakuda, zithunzi zimakongola kuposa zangazi, ine ndilibe.

Faibulo ndinatenga pa menisikasi, chicherewecherewe cha pakati pa mafupa a bondo lija, ndipo iyi kudula kwake ndi nkhondo, imalimba ngati chingwe. Apa ulusi suchita kufunafuna, mitolo ya kolajeni wamtundu woyamba ikuoneka ndi iyosini wamba, pinki wowala, ndipo maselo andanda m'mizere pakati pa mitoloyo. Chosokoneza chake ndi tendoni, chingwe cholumikiza mnofu ku fupa. Ine ndimayang'ana selo: likakhala lozungulira m'kadzenje kake ndi faibulo, likakhala lophwatalala lopanikizika popanda kadzenje mwadula tendoni kapena ligamenti, ndipo pa bondo la mbuzi nzosavuta kuphonya chifukwa zili pafupi. Perikondiriyamu musavutike kuifuna, palibe. Imapezekanso m'mphete yakunja ya madisiki a msana ndi pamene mafupa a chiuno amakumana kutsogolo.

Silaidi ya zitatu pamodzi ija sinathekebe, menisikasi ikunenepa kwambiri moti kavasilipi ikupendekeka. Ndawauza kale akulu aja andisungire msana ndi lilime lonse lili ndi epigulotisi yake, ndipo ndikuganiza zopanga maikulotomu yanga, chodulira zopyapyala, ndi bawuti ndi nati, mwina tidule msana wonse disiki ndi disiki, tiona.