Lachisanu la malipiro ndi nkhani ya "ndakuikira kale"

Lero ndafika kunyumba mochedwa, minibasi ya ku 25 inachedwa kudzadza mu depoti ndipo njira yonse mutu wanga unali pa zomwe zachitika ku ntchito, ndiye ndati ndilembe ndisanagone.

Salale yalowa cha m'ma 10 koloko m'mawa. Sipanadutse ndi mphindi makumi awiri foni yalira, ndikuona andilowetsa mu gulupu ya WhatsApp osandifunsa nkomwe. Ndi gulupu ija ya anyamata a pa ofesi yosonkherana ndalama zobetchera mpira wa kumapeto kwa sabata. Alipo khumi, aliyense amaponya K5,000 Lachisanu lililonse pa Airtel Money kapena Mpamba kupita pa nambala ya adimini, iyeyo nkupanga tikiti imodzi ya K50,000. Mmodzi wasiya ntchito mwezi watha ndiye akufuna wodzadzitsa malo. Nditangolowa ndapeza mndandanda wa mayina uli kale pamenepo, omwe apereka awachongera, dzina langa lili pa nambala 10 lopanda chochonga, pansi pake alemba kuti tikiti ikutsekedwa 4 koloko. Ine sindinavomere kalikonse komatu dzina langa likuoneka ngati la munthu wangongole, ngati ineyo ndi amene ndikuchedwetsa anzanga. Apa mpamene munthu umayamba kumva manyazi pa chinthu choti sunalonjeze, ndipo tsiku lomwe asankha si langozi ayi, amadziwa kuti lero sunganene kuti mthumba mulibe.

Gulupu imeneyi sindikuyidziwira kutali. Chaka chatha ndinakhalamo masabata asanu ndi anayi. Sitinawinepo ngakhale kamodzi, ndipo sabata ziwiri zomaliza tinagwirizana zoponya K10,000 aliyense kuti tibweze zomwe zinapita, ndiye zonse pamodzi ndinataya K55,000. Ndinatuluka mwakachetechete ndipo akazi anga ndinawauza patapita nthawi, zinandiwawa kwambiri poti mwezi umenewo ndi womwe tinavutika ndi fizi ya mwana.

Nthawi ya nkhomaliro tili pa chiwaya paja kuseri kwa ofesi, adimini wabwera ndi foni kundionetsa sikirinishoti ya tikiti ya sabata yatha. Magemu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri obiriwira, imodzi yokha yofiira. Akuti aise taona, timu imodzi yokha ndi yomwe yatigwetsa, sabata ino ndi yathu basi. Mawu amenewa ndinawamva pafupifupi Lolemba lililonse chaka chatha chija ndipo ndinkawakhulupirira. Koma tikiti ya magemu ambiri ndi mmene imakhalira, mukasankha matimu amphamvu okhaokha ambiri awinadi, imodzi kapena ziwiri zikugwetsani, ndipo tikiti yoluza ndi gemu imodzi ndi yoluza basi. Siisonyeza kuti mwayandikira, chifukwa sabata yotsatira zonse zimayambiranso pachiyambi, mpira wa sabata ino sukumbuka kuti sabata yatha munatsala pang'ono.

Ndinamupempha andionetse tikiti ya lero. Magemu asanu ndi atatunso, ambiri a ku England ndi ku Spain, maodzi ake, nambala yomwe amachulukitsa nayo ndalama yomwe waika ukawina, onse ozungulira pa 1.50. Ndinatenga foni yanga nkuchulukitsa 1.50 kasanu ndi katatu, ikubwera 25.6. Ndiye K50,000 ija ikalowa ikubweretsa pafupifupi K1,280,000, pogawana anthu khumi aliyense K128,000. Ikumveka yokoma eti? Koma nambala yomweyo ya 25.6 ikukuuzaninso chinthu china, kuti tikiti yotere imalowa pafupifupi kamodzi pa matikiti 26. Masabata 26 ndi theka la chaka, ndipo K5,000 kuchulukitsa ndi 26 ndi K130,000. Ndiye kuti ngakhale zonse zitayenda mwachilungamo, mwaponya K130,000 kuti mulandire K128,000, ndipo palibe amene akukulonjezani kuti kamodziko kabwera m'masabata 26 amenewo, mutha kudutsa chaka chonse osawona kanthu.

Ndipo sizikhala mwachilungamo chonchotu, kampani ya beti imadyapo pa gemu iliyonse. Njira yosavuta yoonera ndi iyi, pezani beti ya mbali ziwiri zofanana mphamvu, mupeza maodzi ali ngati 1.85 uku ndi 1.85 uko mmalo mwa 2.00. Mukaika K1,000 mbali iliyonse mwatulutsa K2,000, mbali imodzi iwina ndithu koma mulandira K1,850, K150 yatsalira komweko. Pa gemu imodzi ikuoneka yochepa, koma pa tikiti ya magemu asanu ndi atatu kudyako kumachitika kasanu ndi katatu motsatizana. Kampani ikamadya mlingo womwewu pa gemu iliyonse, pa K100 iliyonse yomwe gulu laponya zobwerera pakapita nthawi zimangokhala cha m'ma K54. Kuwonjezera apo mukawina msonkho umadulidwanso. Kusonkherana anthu khumi sikusintha masamu amenewa mpang'ono pomwe, kumangokulitsa ndalama yomwe ikupita komanso kumapangitsa kuti munthu uvutike kusiya poti ukasiya ukhala ngati wawathawa anzako.

Wina pa chiwaya pomwepo anati koma ndi chimodzimodzi chipereganyu, tikungothandizana. Apa ndinakana ndithu. Chipereganyu cha anthu khumi mukamaponya K5,000 pa sabata, sabata yako ikafika umanyamula K50,000 yonse ndipo umadziwiratu tsiku lake. Banki mkhonde ya amayi ku 25 kuno ndalama imazungulira pakati pawo ndipo pakutha pa chaka amagawana. Ndalama ya gulupu yathuyi imatuluka pakati pathu kupita kunja Lachisanu lililonse, zikufanana pati?

Chomwe chandivuta kwambiri lero chachitika cha m'ma 3 koloko. Mkulu wina yemwe timagwirizana kwambiri, munthu woti anandithandizapo pa maliro a bambo anga, wabwera pa desiki panga nkunena motsitsa mawu kuti achimwene musadandaule, ndakuikirani kale yanu, mudzandibwezera Lolemba. Kunena zoona mtima unagunda. Kukana gulupu nkosavuta, koma kukana munthu amene akuoneka kuti wakuchitira chifundo ndi nkhani ina, ndipo chaka chatha ndinalowa momwemu ndendende. Wina anandiikira, ine nkubweza chifukwa cha ulemu, sabata yotsatira dzina langa linali lokhazikika pa mndandanda. Ukangobweza kamodzi kokha wavomera kuti munthu wina atha kukutengera ngongole iwe osadziwa.

Ndinawayankha kuti akulu ndikuthokoza poti mumandiganizira, koma ine sindinakutumeni ndipo sindibetcha, malo amenewo akhale anu, ikawina ndalama yonse ya malowo ndi yanu ine sindidzafunsako ngakhale tambala. Mbali yomalizayi njofunika kuinena gemu isanayambe komanso pamaso pa anthu, chifukwa ukakhala chete ikaluza adzati ubweze, ikawina udzayamba iwe kudandaula. Ndiye ndinalembanso mu gulupu momwemo mawu awiri okha, kuti anzanga ine za beti sindipanga nawo, chotsani dzina langa pa mndandanda, kenako ndinatuluka.

Ndaphunzira kuti chifukwa chomwe umapereka pokana ndi chomwe amakugwirira. Ukati ndilibe ndalama akuti tikubwereka. Ukati mwezi uno zandithina akuti chabwino tidikira mwezi wamawa, ndipo adzabweradi. Ukati madamu sakufuna ndiye wawapatsa nyimbo yokuseka nayo mwezi wonse. Koma ukati sindibetcha, palibe poti agwire, angonena kuti ndiwe wouma manja kapena wamantha, ndipo lero andinenadi, wina mpaka anati tikawina usadzatipemphe ya mowa. Ndinangoti zili bwino, osawonjezera. Masamu aja ndinawaonetsa kamodzi poti anandionetsa tikiti, sindinafune kukhala m'busa wawo, ukayamba kutsutsana nawo nthawi yaitali amaona ngati ukadali pa msika ndipo mtengo ungagwirizanike.

Pali china chomwe anthu safunsa polowa. Akaunti yobetchera ili m'dzina la munthu mmodzi, nambala ya foni ndi yake, ikawina kampani imalipira iyeyo, enanu simukudziwika kulikonse. MAGLA, bungwe loyang'anira za njuga ndi malotale m'dziko muno, limapereka ziphaso kwa makampani, koma pangano lanu la pa WhatsApp ndi la inu nokha. Chaka chatha sabata ina sikirinishoti ya tikiti inabwera magemu atatha kale, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati K50,000 yonse inaikidwadi. Komanso batani lija la Cash Out ali nalo ndi mwini akaunti yekha, atha kutulutsa ndalama gemu ili mkati inu osadziwa. Sindikunena kuti adimini wathu ndi wakuba ayi, ndi munthu wabwinobwino, koma anthu ogwira ntchito limodzi kudana chifukwa cha tikiti ndi chinthu chapafupi kwambiri.

Amene wandimvetsa chisoni ndi mnyamata wathu wotumikira, wangoyamba ntchito miyezi itatu yapitayi ndipo malipiro ake ndi ochepa kuposa tonse. Poweruka tinayendera limodzi mpaka pa siteji, ali ndi nkhope yakugwa, akuti bwana ine ndaperekatu koma inali ya thiransipoti ya sabata yamawa, ndimaopa kukana poti a supavaiza alimo ndipo ndi omwe anandiuza kuti ndilowe. Iyeyu K5,000 yomweyo imamupweteka mosiyana ndi mmene imapwetekera a supavaiza, komatu pa mndandanda onse amachongedwa mofanana. Anandiuzanso kuti sabata yatha anabwereka kwa wakatapila kuti asaoneke wotsalira. Pamenepo ndinaima kaye, chifukwa munthu ukafika pobwereka kuti ubetche, kapena kubisa kunyumba, kapena kuwonjezera ndalama pofuna kubweza zomwe zinapita, sizilinso zocheza ndi anzako. Ndinamuuza kuti abweze kaye katapilayo isanabereke, ndipo ngati akuona kuti payekha sangathe kusiya, a St John of God kuno ku Lilongwe amathandiza anthu pa nkhani za maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya, palibe chamanyazi kupitako.

Za supavaiza ndamulonjeza kuti ndikalankhula nawo ndekha Lolemba m'mawa, mwaulemu, kuwapempha kuti mwanayu amusiye ndipo asamufunse chifukwa. Mnyamatayonso tagwirizana kuti alembe mu gulupu Lolemba lomwelo kuti akutuluka, osadikira Lachisanu pomwe mndandanda watuluka kale ndipo aliyense akuyang'ana dzina lopanda chochonga. Ndamuonetsanso pa foni yake polowera, Settings kenako Privacy kenako Groups, kuti asankhe anthu omwe sangamulowetse mu gulupu popanda kumuitana kaye. Yanga ndakonzera mu minibasi momwemo. Ya thiransipoti ndamupatsa yokwana mpaka Lachitatu, zotsalazo tikaonera limodzi ku ntchito.