Mmene ndinayezera chigaza pofufuza kumene makolo a mwini wake anachokera

Mafupawo anafika m'chipinda chathu choyezera mafupa ku Blantyre ali m'katoni, atakutidwa ndi dothi lofiira, ndipo wapolisi amene anawabweretsa anati anawapeza anyamata oumba njerwa pafupi ndi kamtsinje kunja kwa mzinda. Iye anali ndi mayina atatu a anthu amene anasowa m'deralo zaka zingapo zapitazo: mayi mmodzi ndi abambo awiri. Mmodzi wa abambowo anali wobadwa kwa bambo wachimwenye ndi mayi wa ku Thyolo, choncho wapolisiyo ankayembekezera kuti chigaza chokha chitiuza ngati mafupawo anali ake kapena ayi. Kameneka kanali koyamba kuti ndigwire ntchito yotereyi ndi manja anga, pamene mkulu amene anandiphunzitsa anakhala pambali n'kumangoyang'ana.

Sindinayambe ndi chigaza. Nditatsuka mafupa ndi burashi yofewa ndi kuwayala patebulo monga mmene amakhalira m'thupi, ndinayang'ana mafupa a m'chiuno, chifukwa ndiwo amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi bwino kuposa fupa lina lililonse. Mpata wa pansi pamene mafupa awiriwa amakumana kutsogolo unali wopapatiza, monga zimakhalira mwa amuna, ndipo nsonga ya fupa la m'munsi mwa khosi, imene imamaliza kulumikizana munthu akamayandikira zaka 30, inali italumikizana kale. Mayi uja tinamuchotsa pamndandanda. Gawoli limayenera kukhala loyamba chifukwa chigaza cha mwamuna chimakhala chachikulupo, ndipo ukachiyerekeza ndi zigaza za akazi, kukula kwakeko kumasokoneza zotsatira zonse.

Kenaka ndinatenga kalipa, chipangizo chachitsulo cha miyendo iwiri choyezera mtunda wa pakati pa malo awiri pa fupa. Muyezo uliwonse uli ndi poyambira ndi pothera podziwika, ndiponso chidule chake chimene chimalembedwa mu kompyuta. Utali wa chigaza, kuchokera pakati pa nsidze mpaka pamalo otalikira kwambiri kunkhongo, umalembedwa `GOL`, ndipo ndinapeza mamilimita 186. Mulifupi mwake, `XCB`, munali mamilimita 131, kutanthauza kuti chigazacho chinali chachitali koma chopapatiza. Bowo la mphuno, `NLB`, linali mamilimita 27 mulifupi. Muyezo uliwonse ndinaubwereza katatu, ndipo pamene manambala anasiyana kuposa milimita imodzi ndinayambiranso, popeza dzanja likangoterereka pang'ono, kompyuta imalandira nambala yolakwikayo ngati yoona.

Fupa la tsaya lakumanzere linali lothyoka, mwina ndi khasu la oumba njerwa aja. Ndinaganiza zoyeza mbali yamoyoyo n'kuchulukitsa kawiri kuti ndipeze mulifupi mwa nkhope, koma mkulu uja anandiletsa. "Mwana wanga, nkhope ya munthu siyifanana ndendende mbali zonse. Chimene simunachiyeze, musachilembe," iwo anatero. Ndinasiya malowo opanda kanthu, ndipo ndinatsala ndi miyezo 10 imene ndinkaikhulupirira.

Pulogalamu imene tinagwiritsa ntchito ndi FORDISC, imene Richard Jantz ndi Stephen Ousley anakonza ku yunivesite ya Tennessee ku America ndipo inatuluka koyamba mu 1993. Mkati mwake muli magulu awiri a miyezo ya zigaza za anthu odziwika kumene anachokera. Gulu loyamba ndi la anthu a masiku ano, ambiri mwa iwo a ku America, ndipo silithandiza kwenikweni pa mafupa opezeka kuno. Lachiwiri ndi la William Howells, amene pakati pa 1965 ndi 1980 anayeza zigaza 2,524 za anthu a m'magulu 28 a padziko lonse. Mwa magulu amenewa, a mu Africa ndi asanu okha: Azulu ndi Asani a kummwera kwa Africa, Ateita a ku Kenya, Adogoni a ku Mali, ndi anthu akale a ku Iguputo. Mulibe Mmalawi ngakhale mmodzi. Zimene pulogalamuyi imachita n'zosavuta kuzimvetsa: imatenga miyezo yonse pamodzi, n'kuwerengera kuti chigaza chatsopanocho chatalikirana motani ndi pakatikati pa gulu lililonse, kenaka n'kuchipereka ku gulu loyandikira kwambiri.

Nditalowetsa manambala ndi kusankha magulu a amuna, zotsatira zinatuluka. Pansi pa mutu wakuti `Posterior`, Azulu anali ndi 0.61, Ateita 0.27, Adogoni 0.10, ndipo magulu ena onse anagawana 0.02 yotsalayo. Wapolisi uja, amene anali ataima kumbuyo kwanga, atangoona mawu akuti `Zulu` anadumpha. "Adokotala, ndiye kuti ndi Mngoni ameneyu!" Maganizo akewo sanali opanda pake, pakuti Angoni anachokeradi kummwera ndipo gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, koma sizimene nambalayo inkanena. Manambala a m'danga limeneli nthawi zonse akaphatikizidwa amakwana 1, chifukwa pulogalamuyi imayamba ndi kuganiza kuti chigazacho n'cha limodzi mwa magulu amene waipatsa. Ilibe njira yoyankhira kuti gulu lenileni palibepo. Zili ngati kufunsa munthu wodziwa Chizulu, Chiswahili ndi Chingelezi chokha kuti atchule chinenero chimene wamva pamene wina akuyankhula Chisena: ngati wakakamizidwa kusankha, adzatchula chimodzi mwa ziwiri zoyambazo, ndipo adzakhala atayandikira koma sanalondole. Tanthauzo la 0.61 linali lakuti, pakati pa magulu amene analipo, chigazacho chinkafanana kwambiri ndi cha amuna 55 achizulu amene Howells anayeza.

Mkulu uja anandiuza kuti ndichotse magulu onse a mu Africa n'kuyesanso, kuti ndione ndekha. Pulogalamuyo siinadandaule ngakhale pang'ono. Inapereka chigaza chomwecho kwa Atolai, anthu a ku Papua New Guinea, ndipo `Posterior` inakwera kufika 0.88, kuposa poyamba paja. Munthu wosadziwa akanaona ngati yankho lachiwirili ndilo lamphamvu. Chimene chimaulula vutoli ndi danga lina, lolembedwa `Typ F`, limene limayankha funso losiyana: mwa anthu a gulu limeneli, ndi angati amene zigaza zawo zimatalikira pakatikati pa gulu lawo ngati mmene chatalikira ichi? Kwa Atolai nambalayo inali 0.02, pamene kwa Azulu inali 0.44. Nambalayi ikatsika kupitirira 0.05, timadziwa kuti chigazacho n'chachilendo m'gululo, kapena kuti pali muyezo wolakwika, ndipo yankholo sitilikhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba kuwerenga danga lachiwirili ndisanayang'ane loyambalo.

Ngakhale magulu oyenera akanakhalamo onse, yankho silikanasanduka lotsimikizika, ndipo chifukwa chake chili m'chilengedwe cha anthu enieniwo. Mu 1972 Richard Lewontin anasonyeza kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 a kusiyana kwa chibadwa pakati pa anthu amapezeka mkati mwa gulu limodzi lomwelo, ndipo John Relethford atasanthula miyezo ya Howells mu 1994 anapeza kuti zigaza nazonso zimatsata njira yomweyo. Amuna awiri a mudzi umodzi akhoza kusiyana mphuno kuposa mmene pakatikati pa Azulu pamasiyanirana ndi pakatikati pa anthu a ku Ulaya. Palibe muyezo umodzi umene uli wa gulu limodzi lokha. Bowo lalikulu la mphuno limapezeka kawirikawiri mwa anthu amene makolo awo anakhala zaka zikwi zambiri m'madera otentha ndi achinyontho, n'chifukwa chake chigaza cha kuno chinatha kufanana ndi cha ku Papua New Guinea, ngakhale kuti anthuwa sali pachibale chapafupi. Njirayi imagwira ntchito kokha chifukwa miyezo yambiri ikaphatikizidwa, kusiyana kung'onokung'ono kumaunjikana mpaka kuoneka, koma magulu amalowanabe m'malire mwawo. Komanso chigaza chimasintha ndi kadyedwe ndi kakulidwe, monga Franz Boas anaonera mu 1912 pa ana a anthu osamukira ku America, kotero zigaza zakale za m'nyumba zosungiramo zinthu sizingaimire bwino munthu amene anakulira ku Ndirande.

Ndinayang'ananso maonekedwe amene sayezedwa ndi kalipa koma amapatsidwa manambala motsatira zithunzi zimene Joseph Hefner anakhazikitsa mu 2009. M'munsi mwa bowo la mphuno munali motsetsereka, mopanda mpanda wakuthwa, ndipo kansonga ka fupa ka pansi pa mphuno kanali kakang'ono. Zimenezi zimapezeka kawirikawiri mwa anthu a kummwera kwa chipululu cha Sahara, choncho zinagwirizana ndi miyezo ija, koma nazonso zimapezeka mwa anthu ena a kwina.

Funso la wapolisi lakuti munthuyo anali Mngoni, Mlomwe kapena Myao ndinalikana poyera, chifukwa mafupa alibe yankho lake. Mtundu kuno umatsata chinenero, mwambo ndi mbali ya banja imene mwana amawerengedwa. Angoni anatenga anthu ambiri a mitundu ina m'njira, ndipo mu Blantyre anthu akhala akukwatirana mosayang'ana mtundu kwa mibadwo ingapo. Funso lovuta linali la bambo wa makolo a mbali ziwiri uja. Mwana wotere sakhala ndi chigaza chokhala pakati penipeni pa makolo ake. Akhoza kutengera kwambiri nkhope ya kuchimayi, ndipo pulogalamuyo, popeza mwa magulu a Howells mulibe la Amwenye, ikanamuika kwa Azulu mosavuta. Ndikanalemba kuti mafupawo si ake, apolisi akanatseka khomo limenelo, ndipo mwina banja lake silikanafunsidwanso.

Lipotilo ndinalilemba katatu mkulu uja asanalisayine. Poyamba ndinalemba kuti munthuyo anali wakuda, ndipo iwo anadula mawuwo ponena kuti khungu sitinalione. Kachiwiri ndinatchula Azulu, ndipo anati aliyense wowerenga adzapita kumene wapolisi uja anapita. Pomaliza chiganizocho chinati mafupawo ndi a mwamuna wamkulu, kuti miyezo 10 ya chigaza ndi maonekedwe a mphuno zikufanana kwambiri ndi za anthu amene makolo awo anachokera mu Africa kummwera kwa Sahara, kuti mwa magulu oyerekezera munalibe Amalawi kapena Amwenye, ndipo kuti zotsatirazi sizikuchotsa aliyense mwa abambo awiri osowawo. Madzulo a tsikulo ndinazula dzino limodzi la kumapeto ndi kudula kachidutswa ka fupa la ntchafu kuti zikayezedwe DNA, ndipo wapolisi uja ananyamuka ndi makalata awiri opempha mabanja onse awiri kuti abwere kudzapereka malovu.