Mmene ndinamasulirira pangano la lendi ya shopu

Alandilodi ena anandibweretsera pangano la lendi ya shopu, masamba anayi m'Chingerezi, kuti ndiliike m'Chichewa wochita lendiyo asanasaine. Ndisanalembe chilichonse, ndinatenga pensulo n'kuzunguliza paliponse pamene panali "shall", "may" ndi "deemed". Pa mzere uliwonse ndinkadzifunsa kuti: izi zikapanda kuchitika, wolakwa ndi ndani?

Pa ndime ya lendi ndinayamba ndalemba kuti "wochita lendi adzalipira pofika pa 5 mwezi uliwonse". Nditawerenga mokweza ndinamva ngati ndikungolosera za kutsogolo, monga timanenera kuti mvula idzagwa. Koma "shall" wa pamenepo ndi wokakamiza, munthu akapanda kulipira waphwanya pangano. Ndinasintha kuti "ayenera kulipira", ndipo paliponse pokakamiza ndinagwiritsa ntchito mawu omwewo. Ukamasinthasintha kuti zikome, owerenga amayesa kuti maudindowo akusiyana kulemera.

"May" ndinadutsa msanga. "Angathe" amamvekanso ngati "mwina", choncho ndinalemba kuti mwini shopu "ali ndi ufulu wothetsa panganoli" lendi ikachedwa. Akafuna athetsa, akapanda kufuna palibe mlandu. Pamene panali "may not", pa nkhani yobwereketsa shopuyo kwa munthu wina, ndinaika "saloledwa".

Amene anandidyera nthawi ndi "deemed". Ndimeyo inkanena za kalata ya notisi yotumizidwa pa positi, kuti pakatha masiku 7 "shall be deemed" kuti yalandiridwa. Apa "shall" sakulamula munthu aliyense, moti "ayenera" sakanalowapo. "Idzaganiziridwa" ndinakananso, chifukwa pangano silikufunsa zimene wina akuganiza, likungoika tsiku loyambira kuwerenga. Ndinalemba kuti "idzatengedwa ngati yalandiridwa". Kuti ndione ngati zikugwira, ndinayesa ndi kalendala. Kalata ikaponyedwa pa 3 Malichi, itengedwa ngati yafika pa 10 Malichi, ndipo notisi ya masiku 30 itha pa 9 Epulo. Amene angawerengere pa tsiku limene waigwira m'manja, tinene pa 20 Malichi, adzayesa kuti ali ndi mpaka pa 19 Epulo, kenako n'kudabwa alandilodi akufuna makiyi.

Dzanja linkandiyabwa kuti ndiwonjezere "kaya yafika kapena ayi" kuti zimveke bwino. Ndinadziletsa. Chingerezicho sichinanene ngati munthu angatsutse pobweretsa umboni woti kalatayo sinafike, ndipo mawu angawo akanatseka khomo limene pangano linasiya lotsegula. Ndinalemba funsolo papepala lina kuti alandilodi akafunse loya wawo.

"Bwanji osangokonza inuyo, achimwene?" anatero.

Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndikakonza ine ndiye kuti musaina mapangano awiri osiyana." Ndinawapemphanso kuti loyayo aikemo ndime yonena chiyankhulo chimene chidzatsatidwe ngati mapepala awiriwa atasemphana.