Seva inadzuka, koma makasitomala anga omwe anaigwetsanso

Sabata ino ndakhala ndikulimbana ndi funso limodzi: seva ikagwa n'kudzukanso, n'chifukwa chiyani nthawi zina imakanika kuchira pomwe vuto loyamba latha? Ndinayesera pa laputopu yanga kuno ku Highfield, usiku magetsi atabwera.

Ndinapanga seva yotha kuyankha mapempho 100 pa sekondi, ndi makasitomala 500 oyerekezera. Kasitomala aliyense akadikira masekondi awiri osayankhidwa, ankatumizanso pempho pompo. Ndinazimitsa seva, kenako n'kuiyatsa. Onse 500 anafika kamodzi. Pafupifupi 200 anathandizidwa, koma 300 otsalawo anayamba kutumiza mapempho 150 pa sekondi, kuposa mphamvu ya seva. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi: seva inkagwira ntchito mwakhama, koma inkayankha mapempho akale omwe eniake anali atasiya kale kuwadikira. Mzere unkangotalika, ndipo palibe wina amene anathandizidwanso. Chizindikiro chake n'chooneka: mapempho akuchuluka, pomwe makasitomala ndi omwe aja.

Ndinawauza kuti azidikira mowirikiza: sekondi imodzi, awiri, anayi, mpaka malire a 30, n'kuzimitsa seva nthawi yaitali. Inachira, koma mochedwa. Popeza onse analephera nthawi imodzi, ankabweranso limodzi. Gulu linkabwera, 200 n'kudutsa, kenako seva n'kukhala manja lende theka la mphindi. Mlongo wanga ataona zimenezi anati, "Achimwene, zili ngati pa mjigo paja. Tonse tikauzidwa kuti tibwerenso 6 koloko, 6 kolokoyo mzere wa zigubu ubwerera momwemo."

Apa ndipo ndinamvetsa chimene m'mabuku amalemba kuti `jitter`. Kasitomala asadikire nthawi yonse yowerengedwayo, koma asankhe mwachisawawa nthawi ina iliyonse pakati pa ziro ndi nthawiyo:

```python
delay = random.uniform(0, min(30, 2 ** attempt))
time.sleep(delay)
```

Malire akafika pa 30, kasitomala amadikira pafupifupi masekondi 15 tikatengera pakatikati. Choncho makasitomala 500 amafika pafupifupi 33 pa sekondi, katundu amene seva yanga imanyamula mosavuta. Pasanathe theka la mphindi onse anali atathandizidwa.

Komabe njirayi sithetsa zonse. Ngati pulogalamu ya pafoni iyesa katatu, seva yapakati katatu, ndipo gawo lofunsa ku nkhokwe ya deta nalonso katatu, pempho limodzi limasanduka 27. Pano gawo limodzi lokha ndi limene limayesanso, ndipo ndaika malire a maulendo asanu. Seva ikayankha `503` kapena `429`, manambala osonyeza kuti siitha kuthandiza pakadali pano kapena kuti mapempho achuluka, pamodzi ndi `Retry-After`, uthenga wonena nthawi yoti adikire, kasitomala amamvera nthawi imeneyo, ine n'kuwonjezerapo timasekondi tachisawawa kuti asabwerenso onse pamodzi.