Tsamba limodzi lomwe linandiyendetsa ulendo wa ku Lilongwe pachabe

Bajeti ya kopaletivi yathu ya alimi a mtedza kuno ku Mchinji yavomerezedwa, koma tsiku lomwe ndinataya ku Lilongwe likundiwawabe. Ndinanyamuka mbandakucha, ndinakhala pa benchi mpaka 2 koloko masana, ndipo mayi wa ku ofesi ya ndalama ku bungwe lotithandiza atandiitana anangoloza mzere umodzi: "Bambo, mtengo wa pampu uwu munautenga kuti, tsiku liti, dola ili pa zingati?" Mafunso atatu basi, oti akanatha kundifunsa pa foni. Thiransipoti yopita ndi yobwerera inachoka m'thumba mwanga.

Chomwe ankafuna ndi tsamba lapadera m'fayilo ya bajeti ya pa kompyuta, lofotokoza maziko a manambala onse. Ine ndinalitcha Maziko, ndipo lili ndi madanga asanu: chinthu, nambala, komwe yachokera, deti, ndi chifukwa chomwe tasankhira nambalayo.

Nkhani ya deti ndi yomwe inandigwetsa. Bajeti yoyamba tinailemba mu Okutobala 2023, dola ili pafupifupi K1,180. Mu Novembala Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha pa K1,700. Pampu ya sola ya madola 2,000 yomwe tinalemba K2,360,000 inali itafika K3,400,000, koma papepala pathu panalibe chosonyeza kuti mtengowo unayambira ku dola. Woiwerenga akanadziwa bwanji kuti yasowekera ndalama zoposa miliyoni? Lembani deti pa nambala iliyonse.

Tsopano mtengo wa dola uli m'kabokosi kamodzi kokha, B2, ndipo katundu aliyense wochokera kunja amawerengedwa kuchokera pamenepo, monga pano pomwe D7 ndi mtengo wake m'madola:

```
=D7*Maziko!$B$2
```

Kwacha ikagwanso ndisintha kabokosi kamodziko, osati mizere makumi atatu. Mulembenso ngati ndi mtengo womwe banki imagulira dola kapena womwe imagulitsira. Thandizo likabwera m'madola banki imawagula kwa ife pa mtengo wotsikirapo, ndiye ndalama zolowa zili ndi mzere wakewake.

Ndikumbukenso za ku Chipata. Mapaipi tinafunsa mtengo kumeneko chifukwa ndi pafupi, ndipo mlembi wathu anangolemba K kutsogolo kwa nambala. Ku Zambia nakonso ndi kwacha! Mayi uja anaona ngati mapaipiwo ndi otchipa mokayikitsa. Panopa timalemba ZMW kapena MWK, ndi mtengo womwe tasinthira, kuphatikizapo thiransipoti ndi msonkho wa pa boda ya Mwami m'mzere wosiyana.

Kukwera kwa mitengo n'komwe kunanditengera usiku wonse. National Statistical Office ku Zomba imatulutsa nambala mwezi uliwonse, ndipo kumapeto kwa 2023 inali itadutsa 30 peresenti. Ndinkafuna kungothira 30 pa chilichonse, koma nambala imeneyo inkakokedwa kwambiri ndi chakudya, makamaka chimanga, pomwe ife tikugula simenti ndi kulipira amisiri. Tinasankha 25 peresenti pa chaka, n'kuilemba ngati 25% m'kabokosi B4 ndi chifukwa chake pambali. Komanso si zonse zomwe zidikire chaka chathunthu. Simenti, yomwe mtengo wake uli mu D12, tigula pakatha miyezi isanu ndi umodzi:

```
=D12*(1+Maziko!$B$4)^(6/12)
```

Thumba la K20,000 likufika pafupifupi K22,400, osati K25,000. Pampu sitinaiwonjezere peresenti imeneyi ayi, chifukwa imayenda kale ndi dola. Mukatero mwawerenga kukwera kumodzi kawiri, ndipo owunika amazigwira msanga. Zogula mwezi woyamba tinazisiya pa mtengo wa lero.

Mitengo yeniyeniyo musaitole pakamwa. Ndinayenda m'mashopu atatu a hadiweya, awiri pa boma ndi imodzi ku Kamwendo, kupempha kotesheni yodinda. Wina analemba kuti mtengo wake ugwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha, wina sanaphatikizemo VAT, ndiye ankaoneka wotchipa pomwe sanali. Zonsezi zili pa tsambalo, ndipo tinatenga mtengo wapakati. Mafuta ndi osavuta: mtengo womwe MERA yalengeza, ndi tsiku lomwe inalengeza. Koma dizilo wa lole yotuta mchenga tinalembanso makilomita ake ndi malita omwe imamwa, chifukwa mtengo wa lita pawokha sufotokoza ndalama zonse za mzerewo.

Ulendo wachiwiri sindinapitenso. Ndinatumiza fayilo pamodzi ndi zithunzi za makotesheni, ndipo anayankha ndi funso limodzi lokha: kotesheni ya ku Kamwendo inalibe deti. Ndinakwera kabaza kukadinditsa ina.